Magawo awiri a geini ya 37 sakupereka 1,369: voteji ikutayikira pati?

"Zikomo bambo. Ndine wophunzira za magetsi, ndimakhala ku Chilomoni. Ndikupanga ampulifaya yaing'ono yokuza mawu a maikolofoni ya kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ili ndi magawo awiri ofanana, lililonse la tiranzisita ya BC547B, pa 12 V. Pa besi ndaika 47 kΩ ndi 10 kΩ, pa kolekita 4.7 kΩ, pa emita 100 Ω yotsatana ndi 1.2 kΩ yomwe ili ndi kapasita pambali pake. Nditayeza gawo lililonse palokha pa 1 kHz, ndinalowetsa 10 mV n'kutuluka 370 mV, kutanthauza geini ya 37. Nditawalumikiza ndimayembekezera 37 × 37 = 1,369, koma ndikalowetsa 1 mV pakutuluka 780 mV yokha, ndipo ndikaika poti ya voliyumu ya 10 kΩ kumapeto ikutsikanso kufika pa 530 mV. Matiranzisita ndasintha kawiri. Kodi anandigulitsa achinyengo, kapena ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo, matiranzisita anu ndi abwino ndipo mawaya mwalumikiza molondola. Ndikunena izi ndisanaione bolodi yanu chifukwa manambala amene mwalemba akugwirizana ndendende ndi masamu a dera limeneli, ndipo chinthu chowonongeka sichipereka manambala ogwirizana chonchi. Chimene chachitika n'chakuti gawo lililonse munaliyeza lisanasenze katundu, pamene tsopano likusenza. Amisiri amati gawo lachiwiri laika lodi pa gawo loyamba. Nanunso musataye ndalama kugula matiranzisita kachitatu.

Mwaonapo minibasi ikulizidwa usiku nyali zili zoyaka. Dalaivala akangopotoza kiyi nyali zimachita ngati zizime, injini ikalira zimawalanso. Batire silinathe moto m'kamphindi kameneko. Mkati mwa batire muli kukana pang'ono kwa karenti, ndipo sitata ikakoka karenti yambiri, gawo lina la voteji limatsalira mkati momwemo osafika kunja. Potulukira pa ampulifaya iliyonse pali chimodzimodzi. Injiniya wa matelegirafu wa ku France, Léon Charles Thévenin, anafotokoza m'chaka cha 1883 kuti dera lotere, ukaliyang'ana uli pa mawaya ake awiri otulukira, ungalitenge ngati gwero limodzi la voteji lotsatana ndi rezisita imodzi. Rezisita yobisikayi ndiyo timaitcha impidansi ya potulukira, mwachidule Rout. Kumbali inayo, polowera pa gawo lililonse pamaoneka ngati rezisita yopita ku girawundi, ndipo imeneyi ndiyo impidansi ya polowera, mwachidule Rin. Mukalumikiza magawo awiri, marezisita awiriwa amatsatana ndipo amagawana siginolo. Gawo lachiwiri limangolandira chigawo chimene chagwera pa impidansi yake:

chigawo = Rin / (Rout + Rin)

Geini ya 37 imene munayeza ndi yoona, koma osilosikopu imene munayezera ili ndi polowera pa 1 MΩ, choncho sinakoke karenti yoti n'kuitchula. Gawo lachiwiri ndi lolemera kuposa osilosikopu kutalitali.

Tiyeni tiwerengere dera lanulo. Marezisita a 47 kΩ ndi 10 kΩ amaika besi pafupifupi pa 2 V, emita imakhala pafupifupi pa 1.4 V, ndipo voteji imeneyi ikagwera pa 1.3 kΩ ya ku emita imapereka karenti yopitirira pang'ono 1 mA. Pa karenti yotere emita imakhala ndi kukana kwakekwake kwa mkati kwa pafupifupi 25 Ω, komwe timakupeza pogawa 26 mV ndi karentiyo. Popeza 1.2 kΩ yaphimbidwa ndi kapasita, siginolo imangoona 100 Ω ndi 25 Ω, zonse pamodzi 125 Ω. Geini ya gawo lopanda katundu ndi 4,700 / 125, yomwe ndi 37 ndi kachidutswa, monga momwe munapezera. Impidansi ya potulukira pa gawo lotere n'njosavuta kuidziwa, chifukwa ukayang'ana mkati mwa kolekita umapeza kukana kwakukulu kwambiri, kotero chimene chimatsala ndi rezisita ya pa kolekita yomweyo. Rout yanu ndi 4.7 kΩ.

Pamene ophunzira ambiri amaphonya ndi pa impidansi ya polowera, chifukwa siilembedwa pa chipangizo chilichonse chimene mungachigwire ndi dzanja. Siginolo ikafika pa besi ya gawo lachiwiri imapeza njira zitatu zopitira ku girawundi. Yoyamba ndi 10 kΩ, yomwe aliyense amaiona. Yachiwiri ndi 47 kΩ, yomwe ambiri amaiiwala poganiza kuti ikupita ku 12 V osati ku girawundi, pamene kwa siginolo waya wa 12 V ndi girawundi ndithu, popeza voteji yake siisuntha. Awiriwa akakhala mbali ndi mbali amapanga 8.25 kΩ. Yachitatu ndi besi yeniyeniyo. Karenti ya pa besi ndi yochepa kuposa ya pa emita maulendo β, yomwe pa matimita imalembedwa hFE, choncho 125 Ω ya ku emita imaoneka yokulirapo maulendo omwewo ukaiyang'ana kuchokera ku besi. Titatenga β ya 200, imeneyi ndi 25 kΩ. Tsopano 8.25 kΩ mbali ndi mbali ndi 25 kΩ imapereka 6.2 kΩ, ndipo ameneyu ndiye katundu amene gawo loyamba lasenza.

6.2 / (4.7 + 6.2) = 0.57

37 × 0.57 × 37 = 780

Nambala yanu ija ndi imeneyi. Mungathe kuionanso mwa njira ina, yomwe ena amaikonda chifukwa imasonyeza zimene zikuchitika pa kolekita. Siginolo pa kolekita yoyamba siikuonanso 4.7 kΩ yokha, ikuona 4.7 kΩ mbali ndi mbali ndi 6.2 kΩ, yomwe ndi 2.67 kΩ, ndipo mukagawa ndi 125 Ω mupeza 21. Mukakabwerera ku bolodi yanu mukayeze pa kolekita yoyamba magawo ali olumikizidwa, mukapeza 21 mV pa 1 mV iliyonse yolowa. Njira ziwirizi n'zofanana, koma musazigwiritse ntchito zonse pakamodzi. Ndaonapo ophunzira akutenga geini yotsika kale ya 21 n'kuichulukitsanso ndi 0.57, motero katundu mmodzi amamuwerengera kawiri.

Poti yanu ya 10 kΩ ikuchita zomwezo ku gawo lachiwiri. Rout ya gawo limeneli ndi 4.7 kΩ, ndipo 10 / 14.7 ndi 0.68, choncho 780 imasanduka 530. Palinso malo achitatu amene simunawaonebe chifukwa mukuyezera ndi jenereta ya siginolo. Maikolofoni nayo ili ndi impidansi yake ya potulukira. Ngati yanu ili ya 600 Ω, monga momwe ambiri otsika mtengo amalembedwera, polowera pa 6.2 kΩ pa gawo loyamba padzalandira 6.2 / 6.8, yomwe ndi 0.91. Tsiku limene kwaya idzaimbire, geini yeniyeni kuchokera pa maikolofoni kufika pa poti idzakhala

0.91 × 37 × 0.57 × 37 × 0.68 ≈ 483

Amene amakonda madesibelo aziona motere: magawo awiri amapereka 62.7 dB, malo atatu olumikizirawo amachotsa 0.8, 4.9 ndi 3.3, n'kutsala 53.7 dB. Ine ndimakonda kuwerengera chonchi pamene magawo achuluka, chifukwa kuchotsera n'kosavuta kusiyana ndi kuchulukitsa, ndipo malo amene akudya kwambiri amaonekera msanga. Mwa inu ndi a pakati aja.

Tsopano n'zoonekeratu chifukwa chimene kusintha matiranzisita sikunathandize. BC547B imaloledwa kukhala ndi β kuyambira 200 mpaka 450. Mutapeza ya 450, besi ingaoneke ngati 56 kΩ, Rin ingakwere kufika pa 7.2 kΩ, ndipo geini ingachoke pa 780 kufika pa 830 basi. Ngakhale mutapeza tiranzisita yosakoka karenti ya pa besi n'komwe, marezisita a bayasi okhawo angatsale akupanga 8.25 kΩ, ndipo simungapitirire 870. Katundu wamkulu si tiranzisita, ndi marezisita amene munaika nokha pa besi. Matiranzisita achinyengo alipodi m'misika, koma amadziwika ndi zizindikiro zina, monga mavoteji a bayasi osokonekera kapena miyendo yosinthana malo.

Sindikufuna kuti mungokhulupirira masamu anga, choncho yezani impidansi ziwirizi nokha. Musayese kuika matimita pa muyeso wa Ω, chifukwa impidansi imene tikunenayi imakhalapo pamene dera layaka ndipo siginolo ikudutsa. Ya potulukira munaiyeza kale osadziwa. Lamulo lake ndi ili:

Rout = RL × (V1 / V2 − 1)

pamene V1 ndi voteji yopanda katundu, V2 ndi voteji katundu RL ataikidwa. Ndi manambala anu, 10 × (780 / 530 − 1) ndi 4.7 kΩ. Ya polowera muyeze poika poti ya 10 kΩ kapena 22 kΩ motsatana pakati pa jenereta ndi kapasita yolowera, ngati rezisita yosinthika. Yambani poti ili pa ziro, lembani voteji yotuluka, kenako potozani pang'onopang'ono mpaka voteji itatsika kufika pa theka. Chotsani potiyo m'dera ndi kuiyeza, ndipo nambala imene mupeze ndiyo Rin, yomwe iyenera kukhala pakati pa 6 ndi 7 kΩ. Siginolo ikhale yaing'ono kuti mafunde asadulidwe nsonga, apo ayi muyeso ukunamizani. Chenjezo limodzi: njira yotsitsa voteji kufika pa theka ndi ya magawo a siginolo yaing'ono okha. Musaiyese potulukira pa ampulifaya ya masipika, chifukwa impidansi yake ndi yochepera 1 Ω ndipo katundu wofanana nayo ali ngati shoti. Dziwaninso kuti mamatimita ambiri otsika mtengo ali ndi miyeso ya AC ya mavoti mazana okha, yopangidwira magetsi a m'nyumba, ndipo sangawerenge mamilivoti pa 1 kHz. Pitirizani kugwiritsa ntchito osilosikopu.

Nanga tichite chiyani? Ndiyambe ndi njira imene imaoneka yanzeru koma ndi msampha. Munthu akamva kuti Rout yakula, amaganiza zochepetsa rezisita ya pa kolekita. Mutaika 2.2 kΩ m'malo mwa 4.7 kΩ, chigawo chingakweredi kufika pa 0.74, koma geini ya gawolo lopanda katundu ingagwe kufika pa 17.6, ndipo zonse pamodzi zingapereke 13 m'malo mwa 21. M'gawo la mtundu umenewu rezisita imodzi ndiyo ikupanga geini komanso impidansi ya potulukira, ndiye simungachepetse chimodzi n'kusunga chinzake. Kuikulitsa nako sikupita patali, popeza 6.2 kΩ ija ili mbali ndi mbali nayo, ndipo kolekita ingatsike voteji mpaka kusowa malo osunthira.

Njira yotsika mtengo ndiyo kukweza marezisita a bayasi a gawo lachiwiri. Mukaika 150 kΩ ndi 33 kΩ, voteji ya pa besi imatsala pafupifupi pomwe inali, koma awiriwa amapanga 27 kΩ, Rin imafika pa 13 kΩ, chigawo chimakhala 0.73, ndipo geini imakwera kufika pafupifupi pa 1,000. Mtengo wake ndi wakuti karenti yoyenda m'marezisitawo imatsika kufika pa 65 µA, pamene besi ikukoka pafupifupi 5 µA. Ikadali yoposa ya besi maulendo oposa khumi, choncho bayasi iima bwino, koma musapitirire pamenepo. Mukakweza kwambiri, malo amene tiranzisita ikugwirira ntchito amayamba kudalira β ndi kutentha, ndipo bokosi limene likuyenda bwino m'mwezi wa Juni lingayambe kusokoneza mawu m'kutentha kwa Okutobala.

Njira yeniyeni yochotsera katundu ndiyo kuika emita folowa pakati. Ndi tiranzisita imodzi yowonjezera: kolekita yake ipite ku 12 V, besi yake ilumikizidwe mwachindunji ku kolekita ya gawo loyamba popanda kapasita, emita yake ipite ku girawundi kudzera mu 4.7 kΩ, ndipo siginolo muitengere pa emita kupita ku kapasita yolowera gawo lachiwiri. Kolekita yoyamba ili pafupifupi pa 7 V, motero bayasi imapezeka yokha, emita imakhala pa 6.3 V ndipo karenti ndi 1.3 mA. Gawo limeneli silikuza voteji, geini yake ndi yochepera 1 pang'ono, koma ntchito yake ndi kusintha impidansi. Katundu wa pa emita yake, 2.67 kΩ, amaoneka wokulirapo maulendo 200 kuchokera ku besi, kupitirira 500 kΩ, ndipo 4.7 kΩ ya gawo loyamba siimumvanso. Kumbali yotulukira, 4.7 kΩ ija imagawidwa ndi 200 n'kukhala 24 Ω, ndipo mukawonjezera 20 Ω ya mkati mwa emita mupeza Rout ya pafupifupi 44 Ω. Pamaso pa 6.2 kΩ imeneyi si kanthu. Chigawo cha pakati chimachoka pa 0.57 kufika pa 0.98, ndipo geini imakhala pafupifupi 1,340.

Mukachita zimenezi yang'ananinso kapasita yolumikizira, chifukwa nayo imadalira impidansi zomwezi. Firikwensi imene mawu a pansi amayamba kufooka ndi

f = 1 / (2π × (Rout + Rin) × C)

Pakali pano Rout + Rin ndi 10.9 kΩ, ndipo ndi kapasita ya 1 µF malire ali pa 15 Hz. Folowa ikalowa chiwerengerocho chimatsika kufika pa 6.2 kΩ ndipo malire amakwera kufika pa 25 Hz, zomwe sizivuta. Koma ngati munaika 0.1 µF, malire achoka pa 146 Hz kufika pa 255 Hz, ndipo abambo oimba mawu a pansi m'kwaya adzamveka opyapyala. Simunanene kuti munaika yotani, ndiye mukaione. Ngati ili ya mtundu wokhala ndi mbali, mwendo wa + uyang'ane kumene kuli voteji yaikulu, komwe ndi ku gawo loyamba.

Mwina wina wakuuzani kale kuti impidansi ziyenera kufanana, poti mawu amenewa amamveka kawirikawiri pakati pa okonza zoimbira ku Limbe ndi ku Ndirande. Lamuloli ndi loona pa malo ake. Pamene tikufuna kusamutsa mphamvu yochuluka momwe kungathekere, kapena pamene chingwe chili chachitali poyerekeza ndi utali wa funde, timafananitsa, ndipo n'chifukwa chake zida zoulutsira mawu pa wailesi zimakhala za 50 Ω ndipo chingwe cha mlongoti wa kanema chimakhala cha 75 Ω. Koma mukafananitsa, Rin / (Rout + Rin) imakhala theka, ndiye kuti mwataya 6 dB mwadala. Pakati pa magawo okuza voteji ya mawu chimene tikufuna ndi chakuti gawo lotsatira lione voteji yonse popanda kukoka karenti yambiri. Chizolowezi chathu ndi chakuti Rin ipose Rout maulendo khumi kapena kuposerapo, ndipo pamenepo chigawo chimakhala 10 / 11, kutaya kosafika 1 dB. Polowera maikolofoni yanu pali kale pa mlingo umenewu, choncho pasiyeni momwe palili.

Tsopano ndinene chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi, ndipo mwina simukuchiyembekezera. Ine sindingathamangire kubweza geini ya 1,369. Maikolofoni ya mtundu wa dayinamiki, munthu akamalankhula bwinobwino pafupi nayo, imatulutsa pafupifupi 2 mV, ndipo ndi geini ya 483 imeneyi imakhala pafupifupi 1 V, yomwe imakwanira ampulifaya zambiri za masipika. Vuto limene likukudikirani lili kumbali inayo. Gawo lachiwiri litasenza poti ya 10 kΩ, kolekita yake imaona 3.2 kΩ, ndipo ndi karenti yongopitirira pang'ono 1 mA siingakwere kuposa 3.4 V pamwamba pa malo ake opumira. Pa muyeso wa rms imeneyi ndi 2.4 V, kutanthauza kuti maikolofoni ikangofika pa 5 mV nsonga za mafunde ziyamba kudulidwa. Woimba wotsogolera nyimbo, atagwira maikolofoni pakamwa pa korasi, amapitirira 5 mV mosavuta. Mukaika folowa pakati popanda kusintha china chilichonse, geini yonse ifika pa 830 ndipo kudulidwako kuyamba pa 3 mV. Poti ya kumapeto siingakuthandizeni, chifukwa imachepetsa mawu amene awonongeka kale. Katundu amachepetsa geini, komanso amachepetsa kutalika kumene siginolo ingafike isanadulidwe, ndipo chachiwirichi ndi chimene khutu limamva msanga.

Ndikanakhala ine ndikanachita motere. Folowa ndikanaika pambuyo pa gawo loyamba, poti ya 10 kΩ ndikanaisamutsa kuiika pambuyo pa folowayo kudzera mu kapasita, ndipo mwendo wake wa pakati ndikanaupititsa ku gawo lachiwiri kudzera mu kapasita ina, kuti bayasi isasokonezeke. Folowa imasenza potiyo mosavutika, ndipo mukatsitsa voliyumu mumatsitsa siginolo isanafike pamene ingadulidwe. Poti nayo ili ndi impidansi ya potulukira, yomwe imakula kwambiri pamene mbali zake ziwiri zafanana, n'kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a kukana kwake konse, 2.5 kΩ pa poti ya 10 kΩ. Gawo lachiwiri lidzaikoka pang'ono, koma zotsatira zake n'zakuti voliyumu idzakwera mochedwerapo pakati, zomwe sizivuta aliyense. Ichi n'chifukwa chakenso sindikukulangizani kugula poti ya 100 kΩ, yomwe pakati pake ingafike pa 25 kΩ.

Folowa yachiwiri ndikanaika potulukira penipeni, ndipo chifukwa chake ndi chingwe. Ndili wachinyamata ndinapanga bokosi lofanana ndi lanu la tchalitchi china ku Bangwe. Pa tebulo langa limamveka bwino, koma titaliika kutsogolo n'kukoka chingwe cha mamita 30 kupita ku ampulifaya kumbuyo, mawu anazimiririka ngati munthu akulankhula atafunda bulangete kumutu. Ndinataya Loweruka lathunthu ndikusintha makapasita. Chingwe chokhala ndi chishango chimakhala ndi kapasitansi ya pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, choncho mamita 30 anali ngati kapasita ya 3 nF yopita ku girawundi. Pamodzi ndi Rout ya 4.7 kΩ, mawu a pamwamba amayamba kufooka cha pa 11 kHz, ndipo bokosi langalo linali ndi 10 kΩ pa kolekita, motero malire anali pafupi ndi 5 kHz. Uyu ndi katundu yemweyo, kungoti amalemera pamene firikwensi ikukwera, ndipo apa ndi pamene mawu akuti impidansi amasiyana ndi kukana wamba. Ndi folowa potulukira malirewo amapita kutali kwambiri ndi kumene khutu limamva. Ikani rezisita ya 100 Ω motsatana potulukira pake, chifukwa folowa yoyang'anizana ndi chingwe mwachindunji nthawi zina imayamba kunjenjemera yokha pa firikwensi yapamwamba.

Mukadzayamba kugwiritsa ntchito ma IC okuza siginolo monga TL072 kapena NE5532 m'malo mwa matiranzisita, vuto la pakati pa magawo lidzachepa kwambiri, popeza potulukira pake impidansi ndi yaing'ono zedi pamene pali fidibaki. Komabe kumbukirani kuti m'dera lotembenuza siginolo, impidansi ya polowera ndi rezisita yolowera yomweyo. Mukaika 1 kΩ pamenepo kuti mupeze geini yaikulu, maikolofoni ya 600 Ω idzangopereka 0.63 ya voteji yake.

Geini ikakwera pamabwera ngozi ina. Gawo lililonse mwa awiri anuwa limatembenuza siginolo, ndiye awiri pamodzi amaibwezera momwe inalowera. Kachidutswa ka siginolo yotuluka kakabwerera polowera, kudzera m'mawaya oyandikana kapena mu waya wa 12 V umene magawo onse akugawana, kamawonjezera m'malo mochepetsa, ndipo bokosi limayamba kulira lokha kapena kugunda ngati njinga yamoto. Patulani mawaya olowa ndi otuluka, ndipo gawo loyamba mulipatse magetsi kudzera mu rezisita ya 470 Ω yokhala ndi kapasita ya 100 µF kupita ku girawundi kumbali ya gawolo.

Pali zizindikiro zimene zingasonyeze kuti vuto si katundu ayi. Katundu wabwinobwino amachepetsa kukula kwa siginolo koma sasuntha mavoteji a DC. Yezani kolekita yoyamba ndi besi yachiwiri musanalumikize magawo, ndipo muyezenso mutalumikiza. Ngati 7 V yatsika kapena 2 V yakwera, kapasita ya pakati ikudontha kapena yaikidwa chozondoka. Ngati geini ya gawo limodzi yagwa kufika pa 3 kapena 4, kapasita ya pa emita yaduka kapena siinawotchereredwe bwino, chifukwa 4,700 / 1,325 ndi 3.5. Ngati muyeso wanu ukusiyana ndi masamu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, musade nkhawa, marezisita ndi β zimasiyana chonchi. Koma ukasiyana ndi theka mavoteji a DC ali bwino, kapena mzere wa pa osilosikopu ukanenepa popanda siginolo yolowa, tengani bolodiyo mupite nayo kwa mphunzitsi wanu wa mu labu kapena mmisiri amene ali ndi osilosikopu yabwino, chifukwa kunjenjemera kwa pa firikwensi yapamwamba n'kovuta kukupeza munthu ukadali woyamba, ndipo kungawotche masipika aang'ono a mawu a pamwamba popanda wina kumva kanthu.

Impidansi ya polowera pa ampulifaya ya kutchalitchi muiyang'ane m'kabuku kake kapena muiyeze muli kunja, pa soketi yolowera, ndi njira ya poti ija koma ndi poti yokulirapo, voliyumu ili pansi. Zambiri zimakhala pakati pa 10 kΩ ndi 47 kΩ. Musaitsekule nokha kuti muone mkati, chifukwa muli 230 V ya ku khoma, ndipo makapasita ake aakulu amasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Ntchito imeneyo isiyireni mmisiri wozolowera. Mukamaliza kusintha dera lanu, ndilembereninso mavoteji a DC a pa miyendo itatu ya tiranzisita iliyonse, kukula kwa makapasita onse olumikizira, ndi utali wa chingwe chimene mudzagwiritse ntchito m'tchalitchimo, kuti tiwerengere limodzi ngati rezisita ya 100 Ω ya pa emita ya gawo lachiwiri ikufunika kuikweza kufika pa 220 Ω.